Satifiketi ndi ya amene anakhalapo: kawerengedwe kake pa maphunziro a masiku angapo

Tsiku lotsekera maphunziro limayenda mofanana pafupifupi kulikonse. Mlendo wolemekezeka amayankhula, mayina amaitanidwa, munthu amapita kutsogolo, agwirana chanza ndi mlendoyo, ajambulitsa chithunzi, n'kubwerera pampando atagwira pepala lake. Pa anthu amene amaombera m'manja pamakhala ena amene akudziwa kuti uje amene wangolandira satifiketiyo anaonekera Lolemba m'mawa, n'kudzaonekanso lero. Palibe amene amayankhula, chifukwa palibe amene amafuna kuononga mwambo.

Mabungwe ena anasiya kugawa masatifiketi motero. Lamulo lawo ndi lakuti satifiketi yosonyeza kuti munthu anachita nawo maphunziro ipite kwa yekhayo amene anakhalapo pa magawo okwanira. Pakamwa lamuloli ndi losavuta, koma likafika pa kaundula ndi cholembera limabala mafunso ambiri. Kodi tiwerenge masiku kapena magawo? Nanga amene wapita kumaliro? Nanga amene waperewera ndi gawo limodzi lokha? Kuti mayankho aoneke bwino, titenge maphunziro amodzi amene zotsatira za kujomba kwake zimagwera munthu wosalakwa: maphunziro a kasamalidwe ka ana odwala.

Chimene pepalali limanena

M'zaka za m'ma 1990, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi UNICEF anakonza njira yopimira ndi kuthandizira mwana wodwala wosakwana zaka 5, yodziwika ndi dzina lakuti IMCI. Maphunziro ake oyamba a ogwira ntchito m'zipatala anali a masiku 11. Okonzawo sanangotchula masiku okha. Anaikanso miyezo yodziwira ngati maphunziro achitika moyenera: ophunzira asapitirire 24, mphunzitsi mmodzi asakhale ndi ophunzira oposa 4, nthawi yosachepera 30 peresenti ithere kuchipatala pamaso pa ana odwala enieni, ndipo wophunzira aliyense apime yekha ana osachepera 20.

Kuno ku Malawi, kuyambira m'chaka cha 2008, alangizi a zaumoyo okhala m'madera ovuta kufikako anayamba kuphunzitsidwa kuthandiza ana a miyezi 2 mpaka 59 m'makiliniki a m'midzi. Maphunziro awo ndi a masiku 6. Akamaliza amapatsidwa mankhwala ndi kaundula, ndipo mayi amene mwana wake watentha thupi, akutsokomola kapena akutsegula m'mimba amayamba wafika kwa iwo asanaganize za ulendo wa kuchipatala chachikulu.

Ndiye satifiketi ya maphunziro oterewa simapangidwira mwini wake yekha. Imayankhula kwa munthu amene kunalibe kumaphunziroko: mkulu wa zaumoyo m'boma amene akusankha woti amupatse bokosi la mankhwala, bungwe limene likulemba anthu ntchito, kapena woyang'anira amene akulemba mndandanda wa omwe anaphunzira kale kuti asawaitanenso. Anthu amenewa alibe njira yodziwira zimene zinachitika m'kalasi. Amakhulupirira siginecha imene ili pansi pa pepalalo. Munthu akalandira satifiketi asanakwanitse, kuipa kwake kumakhala pawiri: amapatsidwa ntchito imene sanaiphunzire yonse, komanso dzina lake limachoka pa mndandanda wa ofunika kuphunzitsidwa, kotero mpata umene unatsalawo sudzatsekedwanso.

Kuwerenga masiku kumanamiza

Njira yofala ndi ya pepala limodzi pa tsiku. Limayenda m'mawa, aliyense asaina, ndipo kawirikawiri ndi pepala lomwelo limene akawunti amagwiritsa ntchito polipira alawansi. Pepala lotere limangotsimikiza chinthu chimodzi: kuti munthuyo anali m'chipindamo pa mphindi imene pepalalo linafika pa tebulo lake. Silinena kanthu za 11 koloko, ngakhale za pambuyo pa nkhomaliro pamene mipando imayamba kuoneka yopanda anthu.

Nchifukwa chake odziwa ntchitoyi amawerenga magawo. Gawo ndi nthawi ya maphunziro imene ili pakati pa kupuma kuwiri: kuyambira potsegula mpaka pa tiyi, kuchoka pa tiyi mpaka nkhomaliro, kuchoka pa nkhomaliro mpaka kupuma kwa masana, ndi kuchoka apo mpaka poweruka. Pa tsiku amakhala magawo 4. Malire ake ndi osavuta kuwazindikira, chifukwa ndi pa nthawi zopuma zomwezi pamene anthu amazembera.

Tiyerekeze kuti tikuyendetsa maphunziro a alangizi a zaumoyo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ndandanda imene tikugwiritsa ntchito pano ndi yongofanizira, koma masamu ake ndi omwewo pa maphunziro alionse. Masiku 6 kuchulukitsa ndi magawo 4, tapeza magawo 24. Okonza agwirizana kuti wolandira satifiketi akhalepo pa 80 peresenti ya magawowa. Mulingowu si lamulo la dziko. Ena amaika 75, ena 90, ena amafuna magawo onse. Chofunika n'chakuti usankhidwe maphunziro asanayambe.

Tikawerengera, 80 peresenti ya 24 ndi 19.2. Apa ndi pamene pamayambira mkangano woyamba. Munthu sangakhale pa kachidutswa ka gawo, ndiye nambalayi iyenera kupita ku 19 kapena ku 20. Amene wakhala magawo 19 wafika pa 79 peresenti ndi kanthu pang'ono, sanafike pa 80. Choncho mulingo woona ndi 20. Nambala yotere imakwezedwa nthawi zonse, siitsitsidwa. Ndipo kuti pasakhale wodandaula kuti masamu amupondereza, ophunzira asauzidwe za maperesenti. Auzidwe nambala yeniyeni: magawo ndi 24, ofunika ndi 20, ndiye amene wajomba magawo 5 satifiketi yamudutsa.

Magawo ena sadumphika

Nambala yokha sikwanira, chifukwa magawo salemera mofanana. Gawo lotsegulira, limene anthu amadziwana ndi kusankha wosunga nthawi, silingafanane ndi gawo limene wophunzira amaima pambali pa mwana wodwala n'kumawerenga kapumidwe kake.

Taonani zimene zimachitika pa gawo lachiwirili. Mlangizi amaphunzira kuti mwana amene akutsokomola amuwerengere mpweya kwa mphindi yathunthu, mwanayo ali phee, osati akulira kapena akuyamwa. Ngati mwanayo ali ndi miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi ndi kupuma mofulumira. Ngati wakwanitsa chaka koma sanafike zaka 5, malire ndi ka 40. Kupuma mofulumirako ndiko chizindikiro cha chibayo. Manambalawa munthu akhoza kuwaloweza ali kunyumba. Chimene sangachiphunzire m'buku ndi diso: kuyang'ana pamimba kapena pachifuwa pa kamwana kovala malaya, kupeza pamene pakukwera ndi kutsika, osataya chiwerengero pamene kamwanako katembenuka. Ophunzira atatu akaima pa mwana mmodzi kwa nthawi yoyamba, si zachilendo kuti aliyense atchule nambala yakeyake. Mphunzitsi amawabwezera kuti awerengenso mpaka afanane naye.

Chimodzimodzinso ndi chizindikiro choopsa cha kulowa mkati kwa chifuwa cham'munsi pamene mwana akukoka mpweya. Wosazolowera amachisokoneza ndi kulowa kwa khungu la pakati pa nthiti, kapena amachiona pa mwana amene akungolira. Ana okhala ndi chizindikirochi amapezeka kwambiri kuwodi, ndiye wophunzira amene waphonya ulendo wa kuwodi akhoza kumaliza sabata yonse asanachionepo ndi maso ake. Tsiku limene adzachione koyamba adzakhala ali yekha kumudzi, wopanda womufunsa.

Choncho lamulo labwino limakhala ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi nambala: magawo 20 mwa 24. Yachiwiri ndi mndandanda wa magawo osadumphika. Pa chitsanzo chathuchi tinene kuti kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka gawo loyamba la m'mawa limachitikira kuchipatala. Amenewo ndi magawo 5, ndipo onse ndi ofunika. Amene waphonya limodzi, ngakhale nambala yake itakwana, satifiketi yake imadikira.

Anthu asanu, kaundula mmodzi

Lafika Loweruka masana, ndipo tili ndi makaundula onse pa tebulo. Anthu ambiri alibe vuto. Mayina ofunika kuwakhalira pansi ndi asanu.

Woyamba ndi mayi wochokera kudera lakutali amene galimoto inamuvuta, ndipo anafika Lolemba anthu akudya nkhomaliro. Anaphonya magawo 2 a m'mawa wa tsikulo. Ali ndi 22, ndipo kuchipatala anapita maulendo onse 5. Satifiketi yake palibe chokambirana.

Wachiwiri ndi bambo amene pa pepala la alawansi anasaina masiku onse 6. Koma Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi ankati akadya nkhomaliro n'kusowa, chifukwa m'tauni yomweyo munalinso msonkhano wina umene dzina lake linalembedwa. Magawo 2 pa tsiku kwa masiku atatu ndi magawo 6. Watsala ndi 18, yomwe ndi 75 peresenti. Tikanawerenga masiku akanaoneka ngati sanajombepo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Satifiketi salandira.

Wachitatu ndi amene amavutitsa mtima. Lachitatu usiku analandira uthenga wa maliro a malume ake, anatsanzika bwinobwino, n'kubwerera Lachisanu m'mawa nthawi isanakwane. Anaphonya magawo 4 a Lachinayi. Ali ndi 20 ndendende, ndiye nambala yakwana. Koma limodzi mwa magawo anayiwo linali la kuchipatala. Palibe amene angamudzudzule chifukwa chopita kukaika malume ake. Komabe mwana wa chibayo amene adzabwere kwa iye mwezi wamawa sadzapuma mosiyana chifukwa chakuti mlangizi anajomba pa chifukwa chomveka. Chifukwa cha kujomba chimasintha mmene timamuthandizira munthu, koma sichisintha zimene zinalembedwa m'kaundula. Satifiketi yake imasungidwa, ndipo amapatsidwa njira yobwezera gawolo.

Wachinayi ali ndi magawo 19. Kujomba kwake kunali kwa apa ndi apo: tsiku lina anathamangira kubanki, tsiku lina anachedwa pa foni, tsiku lina anaweruka msanga. Ameneyu ndi amene amabwera kwa wotsogolera maphunziro n'kunena kuti, "Bwana, ndi gawo limodzi lokha, tangondiganizirani." Zoonadi kusiyana kwa 19 ndi 20 n'kochepa. Koma mulingo wa 20 unali utamuganizira kale: unamulola kujomba magawo 4 popanda kufunsidwa chifukwa. Mukalola 19 lero, wa 18 uja adzafunsa chimene iye walakwa, ndipo simudzakhala ndi yankho.

Wachisanu si munthu mmodzi, ndi malo amodzi. Woyang'anira chipatala china, poona kuti ntchito yachuluka komanso kuti anthu ake asadandaule za alawansi, anatumiza mlangizi mmodzi Lolemba mpaka Lachitatu, wina Lachinayi mpaka Loweruka. Aliyense ali ndi magawo 12. Mzere wa chipatalacho m'kaundula ndi wodzaza, koma palibe munthu amene waphunzira zonse. Woyambayo anamva za kupima mwana koma sanafike pa zotsatira zake, wachiwiriyo anayambira pakati. Satifiketi imalembedwa dzina la munthu, osati la chipatala. Onse awiri salandira, ndipo kalata yoitanira anthu iyenera kunena poyera kuti kusinthana kotere sikuloledwa.

Kaundula wodalirika amasungidwa bwanji

Chigamulo chonsechi chimaima pa kaundula. Akakhala wokayikitsa, lamulo limasanduka chida chozunzira amene mphunzitsi sakumukonda. Pali zinthu zochepa zimene zimamulimbitsa.

Gawo lililonse likhale ndi pepala lake, lolembedwa kale tsiku, nthawi, mutu wa gawolo ndi mayina a ophunzira onse mu ndondomeko imodzi. Mayina akamalembedwa ndi manja tsiku ndi tsiku, munthu mmodzi amasanduka awiri: lero walemba dzina la bambo ake, mawa la mwamuna wake, mkuja wafupikitsa. Powerengera, magawo ake amagawikana pa mizere iwiri ndipo amaoneka ngati waperewera. Dzina litengedwe pa chiphaso cha unzika tsiku loyamba, ndipo lomwelo ndi limene lidzapite pa satifiketi.

Pepalalo lisagone pa tebulo la kumbuyo. Lizungulire gawo litangoyamba, ndipo pakatha mphindi zimene munagwirizana, tinene 15, mphunzitsi alitenge, adule mzere pa malo alionse opanda siginecha, awerenge mitu ya anthu m'chipindamo, alembe nambalayo pansi n'kusaina. Amene wafika pambuyo pake alowe ndithu ndi kuphunzira, koma pa dzina lake palembedwe nthawi imene wafika. Mugwirizane kale kuti kuchedwa kofika pati kumawerengedwa ngati kujomba.

Kusainirana kumadziwika mosavuta kwa amene akuyang'ana. Masiginecha akakhala 24 pamene mitu ndi 21, nkhani yatha kale. Zizindikiro zina ndi mizere iwiri yotsatizana yolembedwa ndi cholembera chimodzi komanso dzanja lopendekera mbali imodzi, siginecha imene Lolemba inali yaitali koma Lachinayi yasanduka zilembo ziwiri, kapena malo a Lachisanu amene asainidwa kale Lachitatu. Pa maphunziro okhala ndi mphunzitsi mmodzi pa ophunzira 4, chinyengochi chimavuta kwambiri, chifukwa mphunzitsi amadziwa nkhope za anthu ake. Pa magawo a kuchipatala umboni wabwino kuposa siginecha ndi mafomu a ana amene wophunzira wapima, osainidwa ndi mphunzitsi amene anaima naye.

Kaundula wa maphunziro asiyanitsidwenso ndi pepala la ndalama. Zikaphatikizana, siginecha iliyonse imakhala ndi mtengo, ndipo mnzako akati "undisainireko" kukana kumakhala ngati kumulanda chakudya cha ana ake. Zikasiyana, mphunzitsi amatha kulemba zoona popanda kuopa kuti wasanduka wogawa ndalama.

Amene amalowetsa zonsezi m'kompyuta akhoza kupatsa wophunzira aliyense mzere wake mu Excel, magawo 24 n'kukhala m'mabokosi kuyambira C mpaka Z, polemba P pamene munthu analipo. Chiwerengero chake chimatuluka chonchi:

```
=COUNTIF(C2:Z2,"P")
```

Pali msampha umodzi. Bokosi losalembedwa kanthu limawerengedwa ngati kujomba, ngakhale kuti mwina kalaliki anangoiwala kulowetsa pepala la gawolo. Choncho wojomba alembedwe chilembo chakechake, ndipo pasatsale bokosi lopanda kanthu. Mukaona kuti gawo lina aliyense akuoneka ngati anajomba, musathamangire kuchotsa mayina. Kafufuzeni pepala lake.

Lamulo linenedwe msanga, chenjezo lifike pakati

Madandaulo ambiri sabwera chifukwa cha lamulo lenilenilo, koma chifukwa chakuti munthu walimva tsiku lomaliza. Liyenera kulembedwa m'kalata yoitanira anthu, kuti woyang'anira wa wophunzirayo adziwenso kuti akamuitanitsa pakati pa sabata amutayitsa satifiketi. Libwerezedwe Lolemba m'mawa pamene gulu likugwirizana za malamulo a m'kalasi, ndipo lipachikidwe pakhoma ndi manambala ake.

Kunena msanga kumathandiza kupeza mavuto amene ali a ndandanda, osati a munthu. Pa maphunziro ofika Loweruka, wopembedza tsiku la Sabata adzaphonya magawo 4 kuphatikizapo la kuchipatala. Msilamu adzafuna nthawi ya mapemphero a Lachisanu masana. Mayi woyamwitsa adzafuna kutuluka nthawi ndi nthawi. Zonsezi zimadziwika Lolemba ngati mwafunsa, ndipo zimakonzeka: nkhomaliro ya Lachisanu italikitsidwe, wa Sabata apite kuwodi Lachisanu masana ndi mphunzitsi wake kuti achitiretu gawo la Loweruka. Lamulo limene limagwetsa anthu pa zinthu zimene okonza akanatha kuziona kale ndi lamulo loipa.

Kenaka Lachitatu madzulo, maphunziro ali pakati, aphunzitsi akhale pansi ndi kuwerengera. Aliyense amene wajomba kale magawo 3 aitanidwe pambali n'kuuzidwa kuti watsala ndi mpata wa gawo limodzi. Bambo wa misonkhano iwiri uja pofika Lachitatu madzulo anali atajomba magawo 4. Akanauzidwa tsiku limenelo, akanasankha akudziwa chimene akutaya.

Nthawi zina olakwa amakhala okonza. Mphunzitsi sanabwere, kapena galimoto yopita kuchipatala yachedwa mpaka gawo lapita. Gawo limene silinachitike silingawerengedwe ngati kujomba kwa wophunzira, komanso silingalembedwe ngati linachitika. Limachotsedwa pa chiwerengero: magawo atsala 23, ndipo 80 peresenti yake ndi 18.4, imene tikaikweza ndi 19. Koma ngati lolephereka ndi limodzi mwa osadumphika aja, palibe kuchotsera. Liyenera kupezeredwa nthawi ina, apo ayi kalasi yonse sinamalize.

Woperewera amapita ndi chiyani

Kumana munthu satifiketi si kumuthamangitsa. Pali zinthu ziwiri zimene amayenera kupatsidwa.

Choyamba ndi kalata yonena zoona: kuti anakhalapo pa magawo akutiakuti, ndipo anaphonya akutiakuti. Kalatayi imamuteteza kwa bwana wake amene angaganize kuti sabata yonse anali kokayenda, ndipo imathandiza aphunzitsi a gulu lotsatira kudziwa chimene chatsala. Isafanane ndi satifiketi m'maonekedwe, chifukwa ikafanana idzagwira ntchito ya satifiketi.

Chachiwiri ndi njira yobwezera, yokhala ndi malire a nthawi. Wa maliro uja sayenera kubwereza sabata yonse. Akhoza kulowa m'gulu lotsatira pa tsiku la gawo limene anaphonya, kapena kukakhala m'mawa umodzi kuwodi ya ana ndi mphunzitsi wovomerezeka, amene adzasaine kuti ntchitoyo yachitika. Kubwezera kufanane ndi chimene chinaphonyedwa. Gawo la m'kalasi likhoza kubwezeredwa powerenga ndi kuyankha mafunso pamaso pa mphunzitsi, koma gawo la kuchipatala limabwezeredwa kuchipatala basi. Pamene munthu waphonya zambiri, monga awiri osinthana aja, chanzeru ndi kuyambiranso, chifukwa maphunzirowa amamangana: za Lachisanu zimaima pa za Lachiwiri.

Nkhaniyi imuuzidwe munthu payekha mwambo usanayambe. Kumusiya kuti adikire dzina lake pamaso pa anzake mpaka mndandanda utatha ndi kumuchititsa manyazi popanda phindu.

Palinso vuto la masatifiketi osindikiziratu. Popeza wosaina amakhala munthu wotanganidwa, okonza amakonda kusindikiza onse Lachitatu n'kukasainitsa Lachinayi. Ndiye pofika Loweruka pamakhala mapepala osainidwa kale a anthu amene sanakwanitse, ndipo pepala losainidwa limapeza njira yake yotulukira m'kabati. Njira yotetezeka ndi kusiya siginecha imodzi, ya wotsogolera maphunziro, kuti iikidwe kuwerengera kutatha. Satifiketi iliyonse ikhale ndi nambala yake yolembedwanso m'buku la ofesi, pamodzi ndi dzina, masiku ndi magawo amene munthuyo anakhalapo. Wina akadzafunsa patapita zaka, kapena mwini wake akadzaitaya, bukulo ndi limene lidzayankhe.

Pamene lamuloli limalekezera

Tisalipatse lamuloli mphamvu imene lilibe. Munthu akhoza kukhala magawo onse 24 akusinza kapena akuseweretsa foni. Kaundula amangotsimikiza kuti mwayi wophunzira unamufika, osati kuti waphunzira. Nchifukwa chake satifiketi yosonyeza kukhalapo ndi yosiyana ndi yosonyeza kuti munthu wakhoza, imene imafuna mayeso kapena kuonetsa luso pamaso pa mphunzitsi. Mawu a pa pepala anene chimene chinayezedwa. Ngati munangowerenga magawo, lembani kuti anakhala nawo pa maphunziro, musalembe kuti wakhoza. Okonza IMCI anadziwa malire amenewa, ndipo anaika kuti wophunzira aliyense ayenderedwe kumalo ake a ntchito patangotha masabata ochepa, kuti aonedwe mmene akupimira ana payekha.

Mulingo wa magawo uli ngati khomo loyamba chabe, koma likatseguka kwa aliyense, zotsatira zonse zimasokonekera. Mndandanda wa ophunzitsidwa umatupa ndi mayina a anthu amene sanamalize, ndipo mkulu amene akukonza za chaka chamawa amaona ngati boma lake lakwanira. Choncho wotsogolera maphunziro, asanatumize kalata yoitanira anthu, akhale ndi mayankho olembedwa a mafunso anayi: magawo onse ndi angati, ofunika ndi angati, osadumphika ndi ati, ndipo woperewera adzabwezera bwanji komanso pofika liti. Akalephera kuyankha limodzi mwa mafunsowa Lolemba lisanafike, adzaliyankha Loweruka, munthu ataima patsogolo pake akuchonderera, ndipo nthawi imeneyo chigamulo chimatsata nkhope osati kaundula.